ZA ULENDO WA PANSI WA KU MANDA A YAKOBO MTUMWI

M'masiku ano a chikondwerero takumbukira kawirikawiri makolo athu a mu mpingo, amene ankanyamula ufa ndi mphasa, nayenda masiku awiri kapena atatu kudza kuno ku misiyoni pa nyengo ya Mgonero. Akuluakulu amene anawaona atiuza kuti anthu aja pobwerera kumudzi ankaoneka ofatsa, ndi kuti ena amene anachoka ali pa udani ankafika akudyera mbale imodzi. Lero ambiri apita ku malo oyera pa basi kapena pa ndege, ndipo pobwera afunsa aphunzitsi ndi akatekisi kuti, Kodi woyenda pansi alandira chiyani chimene wokwera salandira? Funso limeneli liyenera yankho loona, pakuti ena agulitsa mbuzi ndi chimanga chifukwa cha maulendo otere. Tsono tiyesa kuliyankha ndi mbiri ya njira imodzi yotchuka ya ku Ulaya, imene anthu aiponda zaka zoposa 1,000, ndiyo njira ya ku Santiago m'dziko la Spaniya.

CHIYAMBI CHA NJIRAYO

Dzina ili la Santiago litanthauza Yakobo Woyera, ndiye mwana wa Zebedayo, mbale wake wa Yohane. Buku la Machitidwe litiuza kuti Herode anamupha ndi lupanga, ndipo ichi chinachitika ku Yerusalemu cha m'ma 44. Koma patapita zaka mazana ambiri kunamveka mbiri yakuti ophunzira ake anatenga mtembo, nauika m'ngalawa, nakauika m'manda ku malekezero a Spaniya, kumene mtunda uthera m'nyanja yaikulu ya kumadzulo. Mbiri iyi siili m'Malembo, ndipo inalembedwa mochedwa. Chifukwa chake akatswiri a mbiri yakale saiwerengera ngati umboni. Chodziwika ndi ichi, kuti cha m'ma 820 kapena 830, m'masiku a mfumu Alfonso wachiwiri, bishopu Teodomiro analengeza kuti manda ena akale opezeka m'thengo ndiwo a mtumwiyo, ndipo mfumu inamangapo tchalitchi.

Mbiri inawanda. Cha m'ma 950 bishopu wa ku Le Puy m'dziko la Falansa, dzina lake Godescalc, anayenda kukafika kumeneko, ndipo pambuyo pake anthu anachuluka chaka ndi chaka. Tchalitchi chachikulu chimene chilipo lero anayamba kuchimanga mu 1075, nachipatula mu 1211. Cha m'ma 1140 kunalembedwa buku lalikulu la Chilatini lotchedwa Codex Calixtinus, m'mene muli maulaliki, nyimbo, ndi malangizo a panjira, otchula mitsinje ya madzi abwino ndi oipa, midzi yogonamo, ndi makhalidwe a anthu a m'maiko opitamo. Buku limenelo ndilo litithandiza kudziwa chimene anthu a nthawi ija ankayesa kuti kuyenda kuchita mwa munthu.

Tiyambe ndi dzina limene ankamutcha woyendayo. M'Chilatini ankati peregrinus, ndiko kunena munthu wa kwina, wosakhala mwini mudzi. M'chinenero chathu mawu awa awiri, ulendo ndi mlendo, ali a tsinde limodzi, ndipo apa pagona nkhani yonse. Iwo aja ankakhulupirira kuti munthu asandulika chifukwa chakuti wakhala mlendo nthawi yaitali, atavula zonse zomudziwitsa kwao. Kuti tione bwino m'mene ichi chinkachitikira, titsate munthu mmodzi wamba wa ku Le Puy, mlimi kapena mmisiri, kuyambira pakhomo pake kufikira kubwera kwake.

KUNYAMUKA KONGA KUFA

Kuchokera ku Le Puy kufika ku Santiago ndi mailosi pafupifupi 950. Munthu woyenda mailosi 15 pa tsiku atha miyezi iwiri kupita, ndi miyezi iwiri kubwera, pakuti masiku aja panalibe galimoto yomubwezera kwao. Ndiye kuti anasiya munda ndi banja miyezi inayi kapena isanu, ndipo ankadziwa kuti ena amene anapita kale sanabwere, atafa ndi matenda, ndi achifwamba, kapena ndi chisanu cha m'mapiri.

Chifukwa chake munthu sankangodzuka ndi kunyamuka ayi. Ulaliki wina wa m'buku lija uphunzitsa kuti asanachoke ayenera kukhululukira amene anamulakwira, kubweza chimene anatenga mosayenera, kuthetsa milandu ya m'nyumba mwake, ndi kupempha chilolezo kwa mkazi wake ndi kwa wansembe wake. Ambiri ankagawiratu chuma chao pa kalata pamaso pa mboni, monga achita munthu wodwala kwakayakaya. Taonani tsono kuti kusandulika kunayamba munthu asanaponde njira. Mwamuna amene anasuntha malire a munda wa mnansi wake, nakhala zaka zisanu osalankhulana naye, anayenera kupita pakhomo pa mnansiyo ndi kukonza mlandu, popeza sankadziwa ngati adzaonananso. Zimene ife tizengereza nazo poti tidzachita chaka chamawa, iye anazichita m'sabata imodzi.

Tsiku lonyamuka ankalowa m'tchalitchi cha kwao, ndipo wansembe ankadalitsa zinthu ziwiri nazipereka m'manja mwake pamaso pa mpingo, ndizo ndodo ndi kathumba. Mlaliki uja anamasulira tanthauzo lake. Ndodo ili ngati mwendo wachitatu wochirikiza munthu, ndiponso yopirikitsira agalu ndi mimbulu, monga chikhulupiriro chipirikitsa woyesa. Kathumba kanali kakang'ono, kuti munthu asanyamule kamba wambiri koma adalire Mulungu. Kanali ka chikopa cha nyama yakufa, kumukumbutsa kuti agonjetse zilakolako za thupi. Ndipo kanalibe chingwe chomangira pakamwa, kuti kakhale kotseguka popatsa osauka ndi polandira. Potuluka m'tchalitchimo, munthu uja sanalinso mmisiri wakutiwakuti wa pa mudzi, koma mlendo wa Yakobo, ndipo Mpingo unkamutchinjiriza. Msonkhano waukulu wa mabishopu wa ku Roma mu 1123 unalamula kuti wolanda katundu wa alendo otere achotsedwe mu Mpingo kufikira atalapa.

NJIRA NDIYO NAMKUNGWI

Mwezi woyamba munthu wathu adutsa m'dziko la anthu a chinenero chofanana ndi chake. Pambuyo pake afika patsinde pa mapiri aakulu a Pyrenees, amene alekanitsa Falansa ndi Spaniya, nakwera tsiku lathunthu m'nkhungu ndi mphepo, natsikira ku Roncesvalles. Kumeneko bishopu wa ku Pamplona anamanga nyumba ya alendo cha m'ma 1127, ndipo pamwamba pa phiri ankaliza belu kuti osokera m'nkhungu alondole mawu ake. M'nyumbamo ankalandira aliyense, odwala ndi amoyo, namsambitsa mapazi, nampatsa mkate. Wakufa ankamuika m'manda a alendo pomwepo.

Apa tipeza chinthu choyamba chimene njira ichita. Munthu amene kwao anali mwini nkhokwe, wopatsa ena, tsopano atambasula dzanja kulandira mkate kwa munthu wosamudziwa, amene ngakhale chinenero chake sachimva. Mapazi ake otupa ndi matuza asambitsidwa ndi mlendo mnzake. Agona pa udzu umodzi ndi wopemphapempha, ndipo nsabwe sizisankha mwini chuma. Kunyada kwa munthu kukhala ndi mizu m'zinthu zimene anansi ake adziwa za iye, monga mbumba yake, ng'ombe zake, ndi mpando wake pabwalo. Kumene kulibe womudziwa, kunyadako kusowa pogwira, monga mpoloni wosowa mtengo. Ndipo munthu amene walandira chifundo cha alendo masiku makumi asanu ndi limodzi otsatana sachedwa kuzindikira kuti moyo wake wonse unali wolandira, ngakhale pamene ankadziyesa wodzidalira.

Chinthu chachiwiri ndicho kuchedwa kwake kwa ulendo. Pakati pa mizinda ya Burgos ndi Leon pali chigwa chokwera cha mailosi oposa 100, cha minda ya tirigu, chosowa mitengo ndi mithunzi, chotentha m'chilimwe ndi chozizira koopsa m'nyengo yachisanu. Woyenda pansi achidutsa sabata yathunthu ndi kuposerapo, ndipo m'mawa ndi madzulo aona zomwezomwezo. Alendo a masiku ano omwe anena kuti gawo loyamba la njira liyesa thupi, koma chigwa ichi chiyesa mtima. Pakuti kumudzi munthu athawa maganizo ake ndi ntchito, ndi macheza, ndi mowa. Koma m'chigwa muja mulibe kothawira. Mawu oipa amene ananena kwa amake, mwana amene anamwalira, mangawa amene anakana, zonse zimtsata ndi kuyenda naye. Tsiku loyamba adzilungamitsa, tsiku lachitatu akwiya, ndipo kapena tsiku lachisanu ndi chimodzi ayamba kuvomera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wokwera galimoto adutsa chigwa chomwecho m'maora awiri, ndipo afika ku Leon ndi mtima womwewo umene anachoka nao ku Burgos, chifukwa sunapatsidwe nthawi.

Chinthu chachitatu ndicho chakuti thupi ligwira nao ntchito ya kulapa. Anthu a nthawi ija sankalekanitsa mtima ndi thupi monga achita ena lero. Ankati munthu anachimwa ndi manja, ndi mapazi, ndi mimba, tsono ziwalo zomwezo zilawe kubwerera. Mawu akuti ndalapa atuluka m'kamwa m'kamphindi, ndipo mwini wake yemwe akhoza kuwakayika. Koma munthu amene wawanena ndi mapazi mailosi 950 adziwa kuti ananenadi. Pali mwambo wina wosonyeza ichi poyera. Pa mudzi wa Triacastela, m'mapiri a Galicia, mlendo aliyense ankatola mwala wa njereza, imene tsopano timati laimu, naunyamula masiku angapo kufikira ku Castaneda, kumene kunali ng'anjo zootchera miyalayo. Ndipo njereza yake inkapita kukamangira tchalitchi cha mtumwi. Munthu wotopa kale, wotsala pang'ono kufika, ankadziwonjezera katundu mwa kufuna kwake. Pofika ankaona makoma, nadziwa kuti thukuta lake lili m'kati mwa makomawo, ndi kuti iye salinso woonerera chabe koma mmodzi wa omanga.

Tisaiwale kuti njirayo inasandutsanso anthu okhala m'mbali mwake. Munthu wina dzina lake Domingo, amene anafa mu 1109, anaona alendo akuvutika kuoloka mtsinje wa Oja, ndipo anatha moyo wake kulambula msewu m'nkhalango, kumanga mlatho, ndi kumanga nyumba yogonamo iwo. Mzinda umene unamera pamenepo utchedwa ndi dzina lake kufikira lero, Santo Domingo de la Calzada, ndiko kunena Domingo Woyera wa Msewu.

KUFIKA NDI KUBWERA

Atatsala pang'ono kulowa mu mzinda, alendo ankaima pa kamtsinje ka Lavacolla, navula, nasamba thupi lonse. Litsiro la miyezi iwiri linkapita ndi madzi, ndipo panalibe wofuna womumasulira tanthauzo lake. Kenaka ankakwera kaphiri kotchedwa Phiri la Chimwemwe, pamene nsanja za tchalitchi zionekera koyamba, mtunda wa mailosi atatu. Ambiri ankagwada ndi kulira pamenepo, ndipo okwera akavalo ena ankatsika ndi kutsiriza pansi. M'tchalitchimo ankachezera usiku wonse ndi nyali m'manja, mtundu uliwonse pagulu pake, akuimba m'zinenero zao. M'mawa ankaulula machimo, napereka zopereka, nalandira Mgonero.

Tifunse tsono, chifukwa ninji misozi ija? Mwala wa manda uli womwewo kwa wobwera pansi ndi kwa wobadwira mu mzindamo, amene aupitirira tsiku ndi tsiku popita kumsika. Kusiyana kuli mwa wofikayo. Madzi a pachitsime ali amodzimodzi, koma akoma mwina kwa munthu wochokera kumunda dzuwa lili pamutu. Miyezi iwiri munthu uja anadzuka m'mawa uliwonse ndi chinthu chimodzi chokha mumtima, ndipo mtima umene kwao unali wobalalika ndi zinthu makumi unasonkhana pamodzi. Njira inakumba dzenje, ndipo malo oyera anapeza pothira.

Pabwalo la tchalitchi, kumpoto kwake, panali msika, ndipo pamenepo mlendo ankagula chigoba cha nkhono ya m'nyanja, chambee, cha mizere yotambasuka ngati zala za dzanja, nachisokerera pa kathumba kapena pa chovala. Mlaliki uja anati mizereyo ikumbutsa ntchito zabwino zimene munthu ayenera kuchitabe, ndi kuti mbali ziwiri za chigobacho ndizo malamulo awiri a chikondi, kwa Mulungu ndi kwa mnansi. Zindikirani kuti m'masiku aja chigoba chinali cha pobwerera. Chinali chizindikiro cha ngongole yatsopano, osati cha ntchito yotha.

Ndipo anayendanso miyezi iwiri kubwerera, nthawi yokwanira kulingalira m'mene adzakhalire. Pofika kumudzi anthu onse ankaona chigoba chija, nayembekeza kuona munthu wina. Ichi chili ndi mphamvu yoposa m'mene tiganizira. Munthu wofuna kuleka mowa kapena ndeu alephera kawirikawiri chifukwa anzake amudziwa monga wakale, namuitana ndi dzina lakale. Koma wobwera ku Santiago anapatsidwa khomo lotulukira m'mbiri yake yakale, popeza mudzi wonse unavomera kuti munthu wochokera kumeneko aloledwa kukhala watsopano. M'mizinda yambiri obwerawo ankapanga mabungwe ao, osamala odwala ndi olandira alendo ena. Ndipo akatswiri ofukula pansi apeza zigoba zija m'manda akale m'maiko ambiri a ku Ulaya, kufikira kumpoto kwenikweni, kutali ndi Spaniya; ndiko kuti anthu ankazisunga moyo wao wonse, napempha kuikidwa nazo.

CHIMENE ANAONA KWA ANDEMBU

Mwina wina mwa inu wazindikira kale kuti mayendedwe awa afanana ndi chinthu chimene tichidziwa kwathu kuno. Namwali achotsedwa pakati pa anthu, nakhala kutsimba masiku ake, wosakhala mwana ndiponso wosakhala wamkulu, womvera namkungwi. Pambuyo pake ametedwa, nasamba, natuluka, ndipo mudzi umulandira monga munthu wina. Kufanana kumeneku anakuona akatswiri a miyambo ya anthu. Mu 1909 Arnold van Gennep analemba kuti miyambo yosandutsa munthu, m'mitundu yambiri, ili ndi magawo atatu: kupatuka, kukhala pakati, ndi kulandiridwanso. Pambuyo pake Victor Turner ndi mkazi wake Edith anakhala pakati pa Andembu a ku Mwinilunga, m'dziko limene tsopano ndi Zambia, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, napenyetsetsa chinamwali chao. Anaona kuti mphamvu yaikulu ili m'gawo la pakati, pamene munthu ali ngati woima pakhomo, wosakhala m'nyumba ndiponso wosakhala pabwalo, ndi pamene mwana wa mfumu ndi mwana wa mmphawi agona pansi pamodzi nakhala abale. Mu 1978 awiriwo anatulutsa buku lonena za maulendo a Akhristu a ku malo oyera, nati woyenda ulendo wotere ali m'gawo lomwelo la pakati. Kusiyana kwake ndiko kuti ku chinamwali mwana atengedwa ndi akulu, koma mlendo wa Mulungu adzitenga yekha.

Chotero nzeru imene ophunzira ambiri amasulira nayo maulendo a ku Ulaya inaphukira m'midzi ya anansi athu. Koma akatswiri ena pambuyo pake, makamaka John Eade ndi Michael Sallnow mu 1991, anatsutsa kuti ubale uja suoneka nthawi zonse. Pa malo oyera pakhalanso kulimbirana, ndi tsankho, ndi malonda. Ndipo mbiri ya Santiago iwavomereza, monga tiona tsopano.

PAMENE ULENDO ULEPHERA

Buku lomwe lija la m'ma 1140 lidandaula ndi eni nyumba za alendo amene ankalawitsa vinyo wabwino ndi kugulitsa woipa, ndi osintha ndalama onyenga, ndi ansembe onama oima m'njira kulanda zopereka, ndi oolotsa anthu amene ankadzaza bwato mopitirira kufikira ligubuduka. Wolemba malangizo a panjira, wansembe wa ku Falansa, asimba kuti pa mtsinje wina wa madzi amchere anapeza anthu awiri akunola mipeni, amene anamuuza kuti madziwo ali abwino. Akavalo awiri atamwa anafa pomwepo, ndipo anthu aja anawasenda zikopa. Koma chotiphunzitsa koposa ndi ichi, kuti wolemba yemweyo, amene anayenda njira yonse, anatukwana mtundu wonse wa anthu a ku Navarra ndi mawu onyansa, nawayesa ngati nyama. Mailosi onse aja sanachotse chidani cha mitundu mumtima mwake. Miyendo payokha siisandutsa munthu.

Panali zolephera zinanso. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 mabwalo a milandu a m'mizinda ya ku Flanders ankagamula kuti wolakwa apite ku Santiago monga chilango, ndipo kawirikawiri wachuma ankaloledwa kuombola ulendowo ndi ndalama. Ena ankalemba munthu wa ganyu kuti awayendere. Koma ngati mphamvu ya ulendo ili m'kukhala mlendo, ndi m'kuchedwa, ndi m'kutopa kwa thupi la mwini wake, pamenepo wotuma mnzake wagula chigoba chopanda nkhono. Enanso ankavala za ulendo kuti adye zaulere ndi kuthawa ntchito, kotero kuti mu 1590 mfumu Filipo wachiwiri analetsa anthu a m'dziko lake kuvala zovalazo.

Aphunzitsi a Mpingo anachenjeza za ichi kuyambira kale. Gregorio wa ku Nyssa, atapita ku Yerusalemu cha m'ma 380, analemba kuti anapezako zoipa zonga za kwina kulikonse, ndi kuti kusintha malo sikusendeza munthu kwa Mulungu. Msonkhano wa mabishopu wa ku Chalon mu 813 unadzudzula iwo oyesa kuti kuona malo oyera kokha kufafaniza machimo, pamene akhalabe m'machimomo. M'zaka za m'ma 1500 Martin Luther ndi anzake anakana maulendowa, nati Mulungu anaika ntchito ya munthu pakhomo pake, kwa mkazi wake ndi ana ake ndi mnansi wake. Pa zifukwa izi, ndi chifukwa cha nkhondo, alendo anachepa kwambiri zaka mazana angapo.

Koma njirayo siinafe. Mu 1986 olandira kalata ya umboni ku Santiago anali ngati 1,800 okha. Mu 2023 anaposa 440,000, ochokera ku maiko a dziko lonse lapansi, ndipo ena a iwo sali opembedza konse, koma anthu oferedwa, osudzulidwa, kapena osowa chochita ndi moyo wao. Chodabwitsa ndi ichi, kuti m'masiku a ndege ndi sitima, akulu a tchalitchicho apereka kalatayo kwa iye amene wayenda pansi makilomita 100, ndiwo mailosi 62, kapena pa njinga makilomita 200, nasonyeza kabuku kodindidwa m'malo amene anapitamo. Wofika pa basi alowa m'tchalitchi ndi kupemphera monga wina aliyense, koma kalatayo salandira. Lamulo limeneli lisunga chikhulupiriro chakale chija, chakuti china chichitika panjira chimene sichichitika pa malo okha. Ngakhale tivomere kuti masiku asanu sangafanane ndi miyezi inayi, ndi kuti wobwerera pa ndege ataya miyezi iwiri ija ya kulingalira.

CHIMENE TIYANKHE OFUNSA

Tsono inu aphunzitsi ndi akatekisi, munthu akadza kwa inu ndi kunena kuti afuna kupita ku malo oyera, pafupi kapena patali, mbiri iyi ikupatsani mafunso atatu. Loyamba, kodi wakonza za kumbuyo? Ngati asiya mangawa osabweza, mbale wosayanjana naye, kapena ana opanda chakudya, ulendo wake uli kuthawa, ndipo anthu akale aja sakadamupatsa ndodo. Lachiwiri, kodi alola kukhala mlendo, wonyamula zochepa, wodya chimene apatsidwa, woyenda ndi amene sanawasankhe? Ngati atenga ulemu wake wonse wa kumudzi ndi kupita nao, adzabwera nao womwewo. Kwa wokalamba ndi wodwala, amene sakhoza kuyenda pansi, musaike katundu ameneyu. Ngakhale kale odwala ankanyamulidwa, ndipo kufooka kwao kunawachititsa kale kukhala odalira ena. Lachitatu lifunsidwa atabwera, ndipo woyankha si iye mwini ayi, koma mkazi wake, ndi mnansi wa m'malire a munda, ndi mlendo wogogoda pakhomo pake usiku.

Makolo athu amene ankadza kuno ndi ufa pamutu sanamve za Santiago, koma ankayanjana asananyamuke, nagawana ndiwo panjira, nabwerera pansi akukambirana zimene anamva. Ife amene tifika m'ora limodzi tiyenera kufunsa kuti ntchito imene njira inkawagwirira iwo, ife tiigwira liti.